Nsenga zituluka kapena ayi? Kupeza pomwe masamu a Q ndi Ksp akulakwikira

Vuto limeneli limabwera pawiri. Kwina mwawerengera papepala n'kupeza kuti mukasakaniza michere iwiri yosungunuka m'madzi mutuluka nsenga, koma yankho loona likuti situluka kanthu. Kwina masamu ali bwinobwino, koma m'bika madzi angokhala mbee. Zoyambitsa zake n'zosiyana, ndipo ndi bwino kuyamba ndi zapapepala chifukwa zambiri zolakwika zimabisala m'manambala amene mwalowetsa mu Q, osati mu mfundo yake.

Mfundoyo ndi yaifupi. Mchere wosungunuka movutikira uli ndi malire a maayoni amene madzi angasunge, ndipo malirewo ndi Ksp. Q ndi chiwerengero chopezeka pochulukitsa makonsentireshoni a maayoni monga Ksp, koma pogwiritsa ntchito maayoni amene ali m'madzimo nthawi imene mwangosakaniza, kanthu kasanachitike. Q ikaposa Ksp, nsenga zimatuluka mpaka Q itatsika kufika pa Ksp. Q ikachepera Ksp, zonse zimakhala zosungunuka. Zikafanana, madzi akhuta mcherewo, ndipo sangalandire wina.

Tigwiritsa ntchito ledi kulorayidi, PbCl₂, chifukwa ndi mchere wosabisa zolakwa. Siliva kulorayidi ali ndi Ksp yaing'ono kwambiri moti ngakhale mutalakwitsa masamu kakhumi, kawirikawiri yankho limatulukabe lolondola. PbCl₂ satero. Ksp yake ndi pafupifupi 1.7 × 10⁻⁵ pa 25 °C, ndipo kulakwitsa pang'ono kumatembenuza yankho.

Chitsanzo choyambira

Mwasakaniza 50.0 mL ya Pb(NO₃)₂ wa 0.020 M ndi 50.0 mL ya NaCl wa 0.040 M. M'bikamo muli maayoni anayi: Pb²⁺, NO₃⁻, Na⁺ ndi Cl⁻. Akasinthana anzawo pangapangike NaNO₃ kapena PbCl₂. Michere ya sodiyamu ndi ya nayitireti imasungunuka mosavuta, choncho NaNO₃ tiiwale. Wotsala ndi PbCl₂, ndipo musanagwire kalikuleta lembani mizere iwiri iyi:

PbCl₂(s) ⇌ Pb²⁺ + 2Cl⁻
Ksp = [Pb²⁺][Cl⁻]²

Tsopano pezani mamoli. Ledi ndi 0.0500 L × 0.020 M = 0.0010 mol. Kulorayidi ndi 0.0500 L × 0.040 M = 0.0020 mol. Madzi onse pamodzi ndi 0.100 L, kotero [Pb²⁺] = 0.010 M ndipo [Cl⁻] = 0.020 M.

Q = (0.010)(0.020)² = 4.0 × 10⁻⁶

Nambalayi ndi yaing'ono poyerekeza ndi 1.7 × 10⁻⁵, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Nsenga sizituluka. Ngati inu munapeza zina, nambala imene munapezayo ikuuzani pomwe munaphonya.

Mukapeza 3.2 × 10⁻⁵

Mwagwiritsa ntchito manambala a pabotolo, 0.020 ndi 0.040, kuiwala kuti madzi awiriwo akakumana amasukulutsana. Ledi amene anali mu 50 mL tsopano wamwazikana mu 100 mL. Cholakwa ichi chimaoneka chaching'ono, munthu n'kumati ndi theka chabe, koma mu Q chimakula. Ledi watsika kawiri, kulorayidi watsika kawiri ndipo ali mu sikweya, kutanthauza kanayi. Zonse pamodzi Q yanu yakwera kasanu n'katatu, ndipo yadumpha malire a Ksp popanda chifukwa.

Njira yodzitetezera ndi kudzera pa mamoli nthawi zonse: chulukitsani voliyumu ndi konsentireshoni, kenako gawani ndi voliyumu yonse. Chizolowezi chongogawa pawiri chimagwira ntchito pokhapokha mavoliyumu awiriwo ali ofanana. Tsiku lomwe funso lidzakhale la 20 mL ndi 80 mL, ledi adzasukuluka kasanu pamene kulorayidi adzangotsika pang'ono, ndipo wogawa pawiri adzalakwitsa mbali zonse ziwiri.

Mukapeza 2.0 × 10⁻⁴

Sikweya yagwa panjira. Mwachulukitsa 0.010 ndi 0.020 basi, ngati kuti mcherewu ndi wa ayoni imodzi kwa imodzi monga AgCl. Izi zimachitikira anthu amene salemba mzere wa kusungunuka kwa mchere n'kumangothamangira ku manambala. Nambala yoima kutsogolo kwa ayoni mu mzerewo ndi imene imakwera pamwamba mu Ksp ndi mu Q. Kwa Ag₂CrO₄ sikweya ili pa siliva, kwa Mg(OH)₂ ili pa hayidirokisayidi.

Mukapeza 1.6 × 10⁻⁵

Ichi ndiye cholakwa choopsa, chifukwa pano chakupatsani yankho lolondola mwamwayi, ndipo mungapitirire nacho osadziwa. Mwatenga 0.020 M ya kulorayidi, mwaichulukitsa kawiri kukhala 0.040, kenako mwaika sikweya. Chimachokera ku masamu ena, a mchere wosungunuka m'madzi opanda kanthu, pomwe s ndi mamoli a mchere osungunuka pa lita ndipo timalemba Ksp = (s)(2s)². M'menemo 2s ali ndi chifukwa chake: kulorayidi yense akuchokera mu PbCl₂, ndipo moli imodzi ya mcherewo imatulutsa mamoli awiri a kulorayidi. Pa kusakaniza, kulorayidi wachokera mu NaCl. Alipo 0.020 M, ndipo palibe chimene chingamuwonjezere. Mu Q mumalowetsa zimene zili m'madzi, osati zimene fomula ya nsenga ikufuna.

Koma pali nthawi imene kuchulukitsa kawiri kuli koyenera, ndipo anthu omwewo amaiwala. Sinthani NaCl ndi 50.0 mL ya CaCl₂ wa 0.060 M. Mukasakaniza, CaCl₂ ndi 0.030 M, koma moli iliyonse yatulutsa makulorayidi awiri, choncho [Cl⁻] = 0.060 M.

Q = (0.010)(0.060)² = 3.6 × 10⁻⁵

Yaposa Ksp, ndipo papepala yankho ndi lakuti nsenga zituluka. Woiwala kuchulukitsako apeza 9.0 × 10⁻⁶ n'kunena kuti palibe. Funso lodzifunsa ndi limodzi: kodi 2 ameneyu akuchokera mu mchere womwe ndathira, kapena mu nsenga zomwe ndikuyembekezera? Wa mu mchere wothira amachulukitsa konsentireshoni. Wa mu nsenga amakhala sikweya basi. Nambala ya 3.6 × 10⁻⁵ imeneyi muisunge, tibwereranso kwa iyo tikafika m'labotale.

Kanthu kena kakang'ono: poyerekeza, yambani kuyang'ana mphamvu ya 10. Ambiri amaona 4.0 × 10⁻⁶ ndi 1.7 × 10⁻⁵ n'kunena kuti yoyambayo ndi yaikulu chifukwa 4.0 aposa 1.7. Zilembeni zonse pa mphamvu imodzi, 0.40 × 10⁻⁵ ndi 1.7 × 10⁻⁵, ndipo diso silinamanso.

Ayoni yopezeka mbali zonse

Ngati m'madzi muli kale ayoni imodzi mwa ziwiri za mchere wanu, mcherewo umasungunuka pang'ono kuposa mmene ukanachitira m'madzi opanda kanthu. Chifukwa chake chili mu Ksp momwemo. Zochulukitsa ziwirizo ziyenera kupereka nambala imodzimodzi, ndiye kulorayidi akakwera ledi ayenera kutsika, ndipo njira yokha yoti atsikire ndi kutuluka m'madzi ngati nsenga. Ndi mfundo ya Le Chatelier imeneyi, ikugwira ntchito pa kusungunuka. Ksp yokha sisintha. Imasintha ndi kutentha basi, ndipo amene walemba kuti ayoni yowonjezera yatsitsa Ksp wasokoneza Ksp ndi kuchuluka kwa mchere wosungunuka.

Pa mafunso a kusakaniza, vuto limakhala losawerenga magwero onse. Tengani bika yathu yoyamba ija, ya 100 mL yomwe inali mbee, muthiremo 10.0 mL ya HCl wa 5.0 M. Ena amaona asidiyo ngati wongosintha pH. Koma HCl wabweretsa 0.050 mol ya kulorayidi, kuwonjezera pa 0.0020 mol yomwe inalimo. Voliyumu tsopano ndi 0.110 L. Ledi ndi 0.0010 ÷ 0.110 = 0.0091 M, kulorayidi ndi 0.052 ÷ 0.110 = 0.47 M.

Q = (0.0091)(0.47)² = 2.0 × 10⁻³

Yaposa Ksp maulendo opitirira 100, ndipo timibulu toyera tiyamba kutsikira pansi. Kulorayidi sasankha kumene wachokera. Phatikizani mamoli onse a ayoni imeneyo kuchokera m'mabotolo onse, kenako gawani kamodzi ndi voliyumu yonse.

Gwero lina lobisika ndi madzi apampopi. Ksp ya AgCl ndi 1.8 × 10⁻¹⁰, ndiye siliva nayitireti wa 0.001 M amangofuna kulorayidi wa 1.8 × 10⁻⁷ M kuti afike pamalire. Kumeneku n'kuchepera 0.01 mg pa lita, pamene madzi apampopi amakhala ndi kulorayidi wochuluka kutali kuposa pamenepo. Siliva nayitireti akachita mbuu musanathiremo chilichonse, musakayikire masamu. Tsukani chubu ndi madzi otchezedwa, musungunulirenso m'madzi otchezedwa, muyesenso.

Yankho likanena kuti mchere ukusungunuka kwambiri mukawonjezera ayoni

Apa m'pamene pamafunika kudekha. Poyamba pezani kusungunuka kwa PbCl₂ m'madzi opanda kanthu, chifukwa nambala imeneyi ndi imene mudzayezere mayankho ena onse. Kuchokera pa 4s³ = 1.7 × 10⁻⁵, s ndi 0.016 M.

Mu NaCl wa 0.10 M, kulorayidi ndi 0.10 + 2s, ndipo mzere wonse ndi uwu:

s(0.10 + 2s)² = 1.7 × 10⁻⁵

Pofuna kupewa masamu aatali timaganiza kuti 2s ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi 0.10, n'kumutaya. Pamenepo s = 1.7 × 10⁻⁵ ÷ 0.010 = 1.7 × 10⁻³ M. Ganizo lija liyenera kuyesedwa: 2s ndi 0.0034, kutanthauza 3.4 peresenti ya 0.10. Lili pansi pa 5 peresenti, malire amene ambiri amavomereza, ndiye yankho likhoza kuima. Kusungunuka kwatsika pafupifupi kakhumi.

Chitani zomwezo ndi NaCl wa 0.020 M. Mukataya 2s mupeza s = 1.7 × 10⁻⁵ ÷ 0.00040 = 0.043 M. Nambala imeneyi yaposa 0.016 M ya m'madzi opanda kanthu, zomwe sizingatheke m'masamu amenewa. Ndiponso 2s watuluka 0.085, woposa kanayi 0.020 yemwe timati ndiye wamkulu. Njira yachidule yafa chifukwa kulorayidi wowonjezerayo sanachuluke mokwanira kuposa amene PbCl₂ akutulutsa yekha.

Njira yothetsera vutoli si yovuta. Mukudziwa kale kuti s ali pansi pa 0.016, ndiye yesani manambala mu mzere wonse. Mukaika 0.012 mupeza 2.3 × 10⁻⁵, yakwera. Mukaika 0.010 mupeza 1.6 × 10⁻⁵, yatsika pang'ono. Mukaika 0.0103 mupeza 1.70 × 10⁻⁵. Yankho ndi pafupifupi 0.010 M. Kuyesa katatu kwakwana, ndipo n'kodalirika kuposa kulimbana ndi ikweshoni ya mphamvu yachitatu pamanja.

Ndi AgCl vuto ili silibwera kawirikawiri. M'madzi opanda kanthu amasungunuka 1.3 × 10⁻⁵ M, ndipo papepala mu NaCl wa 0.010 M amatsika kufika 1.8 × 10⁻⁸ M, kuchepa maulendo opitirira 700. Kutaya s pamenepo sikulakwitsa kanthu. N'chifukwa chake wophunzira amene anazolowera AgCl yekha amaiwala kuti ganizolo limayesedwa.

Masamu ali bwino, koma bika ili mbee

Tibwerere ku CaCl₂ uja, pomwe Q inali 3.6 × 10⁻⁵, kuwirikiza Ksp kawiri. Mukachita zimenezi m'labotale, mwachidziwikire simuona nsenga. Simunalakwitse poyeza. Ksp ya m'matebulo imanena za mphamvu yeniyeni ya maayoni, yotchedwa akitiviti, pamene ife timalowetsa konsentireshoni ngati kuti ayoni iliyonse ili payokha. M'madzi odzaza michere, ayoni iliyonse imazunguliridwa ndi ena a chaji yosiyana nayo, ndipo amaitchinga. Kashiyamu ndi nayitireti, omwe tinawasiya ngati oonerera, akugwira ntchito yotchingayo. M'bika imeneyi ledi, pokhala wa chaji ziwiri, amangogwira ntchito ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a konsentireshoni yake, ndipo kulorayidi ndi magawo atatu mwa anayi. Mukazilowetsa, Q imagwera pafupi ndi 7 × 10⁻⁶, pansi pa Ksp. Pamwamba pa izo, ledi wina amagwirana ndi kulorayidi kupanga PbCl⁺, yemwe amakhalabe m'madzi.

Umboni wake ukuoneka mu kusungunuka kwa PbCl₂ kumene. Masamu osavuta apereka 0.016 M, yomwe ndi magalamu 4.5 pa lita. Poyeza m'labotale amasungunuka pafupifupi magalamu 10 pa lita, kuwirikiza kawiri ndi kupitirira. Chotero pa mayeso tsatirani Q ndi Ksp monga mwafunsidwa, koma pokonza ntchito ya m'labotale musadalire Q imene yangoposa Ksp kawiri kapena katatu, makamaka ngati muli maayoni a chaji ziwiri ndipo michere yafika cha ku 0.1 M. Konzani kuti iposeko maulendo makumi angapo.

Kutentha n'kosavuta kuyesa. PbCl₂ amasungunuka pafupifupi katatu m'madzi owira kuposa m'madzi ozizira a m'chipinda, ndiye ngati madzi anali otentha, aikeni pozizira. Timibulu tonga singano timatuluka pamene akuzizira. Ksp imene mwatenga m'tebulo ndi ya 25 °C, sinena za bika yomwe yangochoka pamoto.

Nthawi zina madzi amasunga mchere woposa malire kwa kanthawi chifukwa timibulu toyamba tilibe poyambira. Kandani mkati mwa chubu ndi kandodo kagalasi, kapena ponyanimo kambulu kamodzi ka mchere womwewo, mudikire mphindi zingapo. PbCl₂ ndi CaSO₄ amachita zimenezi kawirikawiri. AgCl sachedwa.

Palinso nthawi imene nsenga zatulukadi koma diso silingazione. Mu 100 mL yokhala ndi siliva ndi kulorayidi aliyense 2.0 × 10⁻⁵ M, Q ndi 4.0 × 10⁻¹⁰, yoposa Ksp ya AgCl. Koma wotuluka ndi wosiyana pakati pa 2.0 × 10⁻⁵ ndi 1.34 × 10⁻⁵, womwe m'bika imeneyi ndi pafupifupi 0.1 mg. Ikani bikayo kutsogolo kwa pepala lakuda, muunike ndi tochi kuchokera m'mbali. Kuwala kukaoneka ngati kamzere m'madzimo, muli tinthu tolimba.

Ngati nsenga zoyembekezeka ndi kaboneti, hayidirokisayidi, fosifeti kapena salufayidi, yezaninso pH. Asidi amalanda maayoni amenewa, CO₃²⁻ n'kusanduka HCO₃⁻, kotero konsentireshoni yomwe mwaika mu Q si imene ili m'madzi. Kulorayidi sakhudzidwa ndi zimenezi chifukwa HCl ndi asidi wamphamvu.

Nsenga zinatuluka, kenako zasowa

Ayoni yowonjezera ili ndi malire ake, ndipo masamu a Ksp okha sangakuchenjezeni. Papepala, kuwonjezera kulorayidi kumangotsitsabe kusungunuka mpaka kalekale. M'bika sizitero. Kulorayidi akachuluka kwambiri amayamba kugwirana ndi chitsulo kupanga maayoni osungunuka: AgCl amasanduka AgCl₂⁻, PbCl₂ amasanduka PbCl₃⁻ ndi PbCl₄²⁻. AgCl amasungunuka pang'ono kwambiri kulorayidi akakhala cha m'mamilimoli ochepa pa lita, ndipo kupitirira pamenepo kusungunuka kumayamba kukweranso. Mu HCl wamphamvu kwambiri, nsenga za PbCl₂ zimatha kusungunuka zonse.

Choncho pofuna kutulutsa chitsulo chonse, thirani dontho ndi dontho mukutakasa. Lolani nsenga zidikhe, kenako gwetsani dontho limodzi m'madzi oyera a pamwamba. Mukaona mbuu watsopano, pitirizani. Mukapanda kuona, wonjezerani pang'ono chabe ndipo lekani. Potsuka PbCl₂ pa pepala losefera musagwiritse ntchito madzi ofunda kapena madzi ambiri, chifukwa nsenga zanu zipita ndi madziwo. Tsukani ndi HCl wosukulutsa wozizira, pang'onopang'ono, kuti kulorayidi wa m'menemo aletse mcherewo kusungunuka.

Michere ya ledi ndi poizoni. Valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso, ndipo madzi otsala pamodzi ndi mapepala osefera aikidwe m'botolo la zinyalala za zitsulo zolemera, osati mu sinki.